Chigaza cha ku Georgia ndi mayina amene anagawa anthu

M'chaka cha 1793, pa yunivesite ya Göttingen ku Jeremani panafika katundu wochokera ku Rasha. Munali chigaza cha mayi wachitsikana wa ku Georgia, dziko lamapiri lomwe lili pakati pa Nyanja Yakuda ndi Nyanja ya Caspian. Mayiyo anagwidwa pankhondo, napita naye ku Moscow, ndipo anafera konko. Dzina lake palibe anasunga. Anasunga chigaza, nachitumiza kwa pulofesa wina wa zachipatala, Johann Friedrich Blumenbach, yemwe ankasonkhanitsa zigaza za anthu a m'mayiko osiyanasiyana.

Blumenbach atachiona anangoti kakasi. Mano ake anali oyalana bwino, chipumi chosalala, nsagwada zosatulukira kutsogolo. Kwa iye, pa zigaza zonse zimene anali nazo panalibe chokongola kuposa ichi. Patatha zaka ziwiri, mu 1795, anatulutsanso buku lake lofotokoza kusiyana kwa anthu, ndipo azungu onse anawatcha dzina la mapiri a kwawo kwa mayiyo, mapiri a Caucasus. Kuyambira pamenepo dzina loti Caucasian linamera mizu.

Aliyense amene anadzazapo fomu kuchipatala ku Amereka kapena amene amaonera mafilimu a apolisi a kumeneko analimvapo dzinali. Limamveka lachisayansi, ngati mawu amene munthu wophunzira amanena pofuna kupewa kunena kuti mzungu. Anzake, Mongoloid ndi Negroid, anadzaza m'mabuku akale a jogalafe ndi mbiri. Lero akatswiri ofufuza za anthu sawagwiritsanso ntchito. Ena amaganiza kuti anawasiya pongoopa kukhumudwitsa anthu. Kuopa kukhumudwitsako kulipo ndithu, koma chachikulu n'chakuti mayinawa atayesedwa kukhoti, kuchipatala ndi m'malabotale, anapezeka kuti sanena zoona.

Pulofesa ndi zigaza zake

Blumenbach sanali woyamba kugawa anthu. Carl Linnaeus wa ku Sweden, yemwe anayambitsa dongosolo lotchera mayina zomera ndi nyama lomwe ana amaphunzira kusekondale mpaka pano, anagawa anthu m'magulu anayi mu 1735, motsatira makontinenti ndi khungu. Mu 1758 anawonjezerapo makhalidwe: wa ku Ulaya wanzeru ndi wotsata malamulo, wa ku Asiya wodzikuza ndi waumbombo, wa ku Afirika waulesi. Iye sanapondepo ku Afirika kapena ku Asiya. Ankadalira nkhani za amalinyero ndi amalonda.

Ngakhale dzina loti Caucasian si Blumenbach analipeka. Mnzake wa pa Göttingen pomwepo, Christoph Meiners, analilemba mu 1785. Meiners anagawa anthu pawiri basi, a ku Caucasus ndi Amongolo, ndipo sanabise muyeso wake: oyambawo okongola, enawo onyansa. Blumenbach anatenga dzinalo n'kuliika m'dongosolo la magulu asanu. Panali a Caucasian, omwe anaikamo anthu a ku Ulaya, kumpoto kwa Afirika, Aluya ndi ena mpaka ku Indiya. A Mongolian, a kum'mawa kwa Asiya. A Ethiopian, kutanthauza ife a kumwera kwa chipululu cha Sahara. A American, eni nthaka a ku Amereka. Ndi a Malay, a m'zilumba za kum'mwera chakum'mawa kwa Asiya ndi za m'nyanja ya Pacific.

Nanga n'chifukwa chiyani Mjeremani anatchula anthu akwawo dzina la mapiri akutali chotero? Zifukwa zake anazilemba yekha. Choyamba, ankakhulupirira kuti anthu a ku Georgia ndi okongola kuposa onse, ndipo umboni wake unali chigaza chija ndi zolemba za Jean Chardin, wamalonda wa ku Falansa amene anadutsa kumeneko m'zaka za m'ma 1670. Mbiri ya kukongolayi ili ndi chiyambi chowawa, chifukwa akazi a ku Georgia ndi ku Circassia ankagulitsidwa ukapolo m'misika ya ufumu wa Ottoman, ndipo mtengo wawo unali wokwera. Chachiwiri, ankaganiza kuti anthu oyambirira anachokera m'dera limenelo ndipo anali oyera khungu. Maganizowa sanali achilendo kwa anthu owerenga Baibulo, poti phiri la Ararati, lomwe limatchulidwa pankhani ya chingalawa cha Nowa, lili chakumwera kwa mapiri omwewo. Malinga ndi iye, magulu enawo anachoka pa maonekedwe oyambirirawo chifukwa cha dzuwa, zakudya ndi kakhalidwe.

Tisamunamizire bamboyu. Poyerekeza ndi anzake a nthawi imeneyo, anali ndi mtima wabwino. Ankaphunzitsa kuti anthu onse ndi amodzi, ochokera ku kholo limodzi. Ankadana ndi ukapolo, ankasunga mabuku olembedwa ndi anthu akuda pofuna kutsutsa onena kuti wakuda alibe nzeru, ndipo sankagwirizana ndi Meiners. Anachenjezanso kuti magulu akewo amalowerana pang'onopang'ono moti malire ake ndi ongoika munthu. Koma chenjezo linaiwalika, mayina ndi amene anatsala. Ndipo poika gulu limodzi pakati monga loyambirira ndi lokongola koposa, anasiyira ena makwerero oti akwezepo azungu ndi kutsitsirapo wina aliyense. Mfundo yoyenera kuigwira apa ndi yakuti dzina lomwe limamveka ngati lotuluka m'sikelo linatuluka m'diso la munthu mmodzi. Anthu a ku Caucasus enieniwo, akapita ku Moscow masiku ano, achipongwe amawanyoza kuti ndi akuda.

Dzina la Amongolo nalo linasankhidwa mwa njira yofananayo. Anthu a ku Ulaya ankakumbukira ankhondo a Genghis Khan ndi zidzukulu zake amene anafika mpaka ku Poland ndi ku Hungary mu 1241. Dzina la adani oopsawo linaphimba Matchaina, Ajapani, Akoreya, kenako ena anakokeramo ngakhale Ainuiti a kumadzi oundana ndi eni nthaka a ku Amereka. Mongolia ili ndi anthu osakwana 4 miliyoni lero, pamene China yokha ili ndi oposa 1.4 biliyoni, koma onsewo ankayenda pa dzina la ochepawo. M'zaka za m'ma 1800 akatswiri anayamba kulumikiza kumapeto kwa mayinawa kachidutswa ka Chigiriki kotanthauza “wofanana ndi”, ndipo kunabadwa Mongoloid, Negroid, Australoid ndi Caucasoid.

Chizindikiro chakuti pali vuto chinaoneka msanga. Akatswiri sankagwirizana ngakhale pa chiwerengero cha magulu. Charles Darwin, polemba mu 1871, anandandalika maganizo a olemba osiyanasiyana: wina awiri, wina atatu, wina asanu, wina 22, wina mpaka 63. Chinthu chimene chili m'chilengedwe, owerenga sasiyana kuchoka pa 2 kufika pa 63.

Milandu iwiri, jaji mmodzi

Malo amene mayinawa anavulidwa poyera si m'kalasi ayi, ndi kukhoti. Lamulo la dziko la Amereka la mu 1790 linkati mlendo angalandire unzika pokhapokha ngati ali mzungu ndiponso mfulu. Mu 1870, ukapolo utatha, anawonjezerapo anthu ochokera ku Afirika. Wina aliyense anali kunja. Choncho Mjapani, Msiriya kapena Mmwenye wofuna unzika ankayenera kutsimikizira khoti kuti iye ndi mzungu. Sinali nkhani ya ulemu chabe: ku California, kuyambira mu 1913, munthu wosayenera unzika sankaloledwa kugula munda.

Takao Ozawa anabadwira ku Japani koma anali atakhala ku Amereka zaka zoposa 20. Anaphunzira ku California, ankagwira ntchito ku Hawaii, kunyumba kwake ankalankhula Chingerezi ndipo ana ake ankapita ku Sande sukulu. Mwa zina, anauza khoti kuti khungu la Ajapani ambiri ndi loyera mofanana ndi la anthu ena a ku Ulaya, ndipo sankanama. Khoti Lalikulu linagamula mu Novembala 1922. Jaji George Sutherland anavomereza kuti khungu si muyeso wodalirika, poti pakati pa azungu omwe pali oderapo. Anati mawu oti mzungu m'lamulomo akutanthauza munthu wa gulu la Caucasian, ndipo Mjapani sali m'gulu limenelo. Ozawa analuza. Khoti linali litatsamira pa mabuku a akatswiri.

Patangotha miyezi itatu, mu Febuluwale 1923, panabwera mlandu wa Bhagat Singh Thind. Iyeyu anali Msikhi wa ku Punjab, kumpoto kwa Indiya. Anafika ku Amereka mu 1913, ankagwira maganyu m'makina ochekera matabwa ku Oregon, ndipo mu 1918, pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, analowa usilikali wa Amereka, nduwira yake ili kumutu. Khoti lina laling'ono linamupatsa unzika, boma linatsutsa, nkhani n'kukafika pamwamba. Kunena zoona, mlandu wake unkaoneka wowina kale. Blumenbach ndi akatswiri ambiri omutsatira anaika anthu a kumpoto kwa Indiya m'gulu la Caucasian, ndipo khoti lomwelo linali litangonena kuti Caucasian ndiye mzungu. Maloya ake anakokeranso nkhani ya zilankhulo, kuti Chipunjabi ndi zilankhulo za ku Ulaya ndi za banja limodzi, n'kuwonjezera kuti iye ndi wa fuko lapamwamba lomwe silikwatirana ndi mafuko otsika a kwawo. Mfundo yomalizayi inali ya tsankho nayonso. Lamulo lopotoka limakakamiza ngakhale wolakwiridwa kulankhula chinenero chake.

Jaji yemweyo, Sutherland, ndi amene analemba chigamulo, ndipo majaji onse anagwirizana. Tsopano anatembenuka. Anati dzina loti Caucasian akatswiri alitambasula kwambiri moti likulowetsa anthu amene munthu wamba sangawatche azungu. Anati olemba lamulo sankaganiza za mabuku a sayansi koma za mmene munthu wamba amamvera mawuwo, ndipo munthu wamba akudziwa bwino kuti Mmwenye si mzungu. Thind naye analuza.

Taonani zimene zinachitika m'miyezi itatu imeneyo. Ozawa anali woyera khungu, anamukana chifukwa si Caucasian. Thind anali Caucasian malinga ndi mabuku, anamukana chifukwa si woyera m'maso mwa munthu wamba. Dzina lachisayansilo linkagwira ntchito likamatseka chitseko, ndipo tsiku limene linafuna kutsegula analitaya. Zotsatira zake zinali zenizeni. Boma linayamba kulanda unzika Amwenye amene anali ataulandira kale, makumi angapo a iwo. Mmodzi mwa iwo, Vaishno Das Bagai, wamalonda wa ku San Francisco, anatsala wopanda dziko ndipo anadzipha mu 1928. Thind anadzapeza unzika pakati pa zaka za m'ma 1930, kudzera m'lamulo latsopano lokomera asilikali akale. Amwenye analoledwa mu 1946, ndipo chotchinga cha khungu chinachotsedweratu m'lamulo la unzika mu 1952.

Kuno ku Afirika dzinali linatambasulidwa mwa njira ina. Atsamunda akapeza ufumu wadongosolo kapena nyumba zamiyala, ankavutika kuvomereza kuti ndi ntchito ya anthu akuda. Ndiye anapeka gulu la “Ahamu”, omwe ankati ndi a Caucasian oderako khungu amene anatsika kuchokera kumpoto atatenga ng'ombe ndi nzeru. John Hanning Speke anafalitsa ganizoli m'zaka za m'ma 1860, ndipo Charles Seligman analiikabe m'buku lake la mitundu ya mu Afirika mu 1930, buku lomwe linawerengedwa m'makoleji kwa zaka zambiri. Ku Rwanda, atsamunda anaika Atutsi m'gulu limeneli, Ahutu m'gulu lina, ndipo m'zaka za m'ma 1930 boma la Belgium linayamba kulemba mtundu wa munthu pa chiphaso. Anthu olankhula chinenero chimodzi, okhala paphiri limodzi ndi okwatirana, anauzidwa kuti ena ndi alendo. Bodza limeneli linamvekanso m'kamwa mwa olimbikitsa kuphana kwa mu 1994.

Dzina la mtundu likasanduka dzina la matenda

Mu 1866, dokotala John Langdon Down ankayang'anira chipatala cha Earlswood ku Mangalande, komwe ankasungirako anthu ovutika kuphunzira. Anaona kuti ena mwa ana kumeneko amafanana ngati apachibale ngakhale makolo awo ndi osiyana: nkhope yobulungira, mphuno yaphwatalala, ndi kachikopa kophimba ngodya ya diso cha kumphuno. Kuona kwake kunali kolondola, ndipo n'chifukwa chake vutoli limatchedwa dzina lake lero. Kumasulira kwake ndiye kunasokera. Pokhala ndi magulu a Blumenbach m'mutu, anaganiza kuti ana a azunguwa abwerera ku maonekedwe a Amongolo. Chodabwitsa n'chakuti iye ankaona ngati wapeza umboni woti anthu onse ndi amodzi. Koma dzina linakakamira, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 madokotala ankalemba m'mafayilo kuti mwana ndi Mongol kapena Mongoloid. Mu 1924 dokotala wina, Francis Crookshank, anafika polemba buku lonena kuti ana otere amabadwa chifukwa makolo awo ali ndi magazi a Amongolo.

Choonadi chinatulukira mu 1959 ku Paris, mu labotale momwe munkagwira ntchito Marthe Gautier, Jérôme Lejeune ndi Raymond Turpin. M'maselo a thupi la munthu muli timitolo ta malangizo a chibadwa totchedwa makromozomu. Timakhala 46, tiwiritiwiri. Mwana wa vuto la Down amakhala nato 47, chifukwa pa nambala 21 pamakhala titatu m'malo mwa tiwiri. Zimachitika mwangozi dzira kapena umuna ukamapangika, ndipo mpata wake umakula mayi akamakula. Mwa ana 700 mpaka 1,000 obadwa, mmodzi amabadwa choncho, ku Mongolia, ku Mangalande, ku Malawi ndi kwina kulikonse. Mtundu wa munthu sulowapo.

Mu 1961 akatswiri 19, pamodzi ndi mdzukulu wa Down yemweyo, analembera magazini ya zachipatala ya Lancet kupempha kuti dzinali lisiyidwe. Mu 1965 nthumwi za dziko la Mongolia zinadandaula ku bungwe la zaumoyo la WHO, ndipo bungwelo linalichotsa m'zolemba zake. Pofika nthawi imeneyo dzinali linali litatuluka kale m'chipatala n'kukhala chitonzo cha pabwalo la sukulu. Limanyoza anthu awiri nthawi imodzi, wolumala ndi wa ku Asiya, ndipo n'chifukwa chake pa mayina onsewa ili ndilo linafa msanga.

Zimene magazi anadzanena

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, anthu ataona kumene chiphunzitso cha mitundu chinafikitsa Jeremani ya Hitler, bungwe la UNESCO linatulutsa chikalata mu 1950 chotsutsa zoti pali mtundu woposa unzake. Koma chikalata chomwecho chinagawabe anthu patatu: Mongoloid, Negroid ndi Caucasoid. Akatswiri anali atataya makwerero koma mabokosi anawasunga. Mabokosiwo anadzaphwanyidwa ndi umboni wa majini, timalangizo ta chibadwa tolembedwa mu DNA tomwe mwana amatengera kwa makolo ake.

Mu 1972 Richard Lewontin anafunsa funso losavuta. Tikatenga kusiyana konse kwa majini pakati pa anthu, kochuluka bwanji kali pakati pa “mitundu” ikuluikuluyo, nanga kochuluka bwanji kali m'kati mwa anthu a dera limodzi? Anagwiritsa ntchito majini 17, ambiri okhudza magulu a magazi ndi mapuloteni a m'magazi, ochokera kwa anthu a m'mayiko ambiri. Anapeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 a kusiyanako ali m'kati mwa gulu limodzi, mwachitsanzo pakati pa Mjapani ndi Mjapani mnzake. Magawo pafupifupi 8 ali pakati pa magulu oyandikana a “mtundu” umodzi, ndipo 6 okha ndi amene ali pakati pa mitundu ikuluikulu ija. Ofufuza apambuyo, okhala ndi zida zamphamvu kwambiri, apeza manambala osatalikirana ndi amenewa.

Izi sizikutanthauza kuti anthu sasiyana, kapena kuti DNA singasonyeze kumene makolo a munthu anachokera. Ikhoza, ukaphatikiza malo masauzande ambiri a mu DNA. Nkhani ili pa mmene kusiyanako kunayalidwira padziko. Munthu woyenda pansi kuchoka ku Nsanje, kudzera ku Tanzania, Sudan, Iguputo, Turkey mpaka ku Sweden, sadzafika pamudzi pamene anganene kuti akuda athera apa, oyera ayambira apa. Khungu limasintha pang'onopang'ono motsatira mphamvu ya dzuwa. Kumene dzuwa limaswa mtengo, khungu lakuda limateteza thupi. Kumene dzuwa ndi lofooka, khungu loyera limathandiza thupi kupanga vitamini D. Choncho khungu limakuuza za dzuwa la kumene makolo a munthu anakhalitsa, osati za ubale wake. Anthu a ku Papua New Guinea ndi a m'zilumba za Andaman ndi akuda bii, ena tsitsi lawo ngati lathu lomwe, ndipo mabuku akale ankawayandikizitsa kwa ife. DNA yawo imasonyeza kuti abale awo apafupi ali ku Asiya.

Komanso zizindikiro za m'thupi siziyendera limodzi. Jini yoyambitsa matenda a siko selo, omwe ambiri amati ndi a anthu akuda, imapezekanso ku Indiya, ku Saudi Arabia ndi ku Girisi, pamene kumwera kwenikweni kwa Afirika ndi yosowa. Imatsatira malungo, chifukwa wotengera jiniyo kwa kholo limodzi amatetezekako ku malungo oopsa. Kutha kugaya mkaka munthu atakula n'kofala kumpoto kwa Ulaya ndiponso pakati pa abusa a ng'ombe a kum'mawa kwa Afirika monga Amasai, koma n'kosowa ku China. Mutati mugawe anthu potengera mkaka, Mswidishi ndi Mmasai akhala bokosi limodzi. Mukagawa potengera siko selo, Mgiriki wina akhala pamodzi ndi Mnaijeriya. Chizindikiro chilichonse chimajambula mapu akeake, ndipo akale aja anangosankha zimene diso limaona msanga.

Bokosi lolakwika kwambiri pa onse ndi lathuli. Anthu amakono anayambira mu Afirika zaka pafupifupi 300,000 zapitazo, ndipo makolo a anthu a kunja kwa Afirika ndi kagulu kochepa kamene kanatuluka zaka 50,000 mpaka 70,000 zapitazo. Zili ngati kutapa chikho chimodzi m'thumba la nyemba zosakaniza n'kukadzala kutali: m'munda watsopanowo mudzamera mitundu ingapo yokha ya zomwe zili m'thumbamo, pamene thumba likadali ndi yonse. N'chifukwa chake Afirika ndi kontinenti yomwe anthu ake amasiyana kwambiri m'majini kuposa kwina kulikonse. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2010, yemwe anawerenga DNA ya akuluakulu anayi a mtundu wa Asani a ku Namibia pamodzi ndi ya Desmond Tutu, anapeza kuti Asani awiri olankhula zinenero zosiyana amasiyana kuposa mmene mzungu wa ku Ulaya amasiyanirana ndi munthu wa ku Asiya. Dongosolo lakale linkapatsa anthu a kunja kwa Afirika mabokosi atatu kapena anayi, thumba lonse n'kulipanikiza m'bokosi limodzi.

Nanga lero amati chiyani?

Ofufuza amatchula malo ndi anthu enieni: makolo ochokera kumadzulo kwa Afirika, Ayoruba a ku Ibadan, Ahani a ku Beijing. Bungwe la akatswiri ofufuza za thupi la munthu ku Amereka linanena poyera mu 2019 kuti kugawa anthu m'mitundu sikufotokoza molondola kusiyana kwa matupi athu. Izi sizikufafaniza tsankho. Kukhala wakuda ku Amereka kapena ku South Africa kuli ndi zotsatira zenizeni pa ntchito, nyumba ndi thanzi, ndipo maboma amawerengabe anthu m'magulu kuti aone amene akutsalira. Kusiyana kwake n'kwakuti magulu amenewo tsopano amadziwika kuti ndi opangidwa ndi mbiri ndi malamulo, osati olembedwa m'mafupa.

Kuchipatala kusinthaku kuli ndi phindu looneka. Kwa zaka zoposa 20, ku Amereka, masamu oyezera mphamvu ya impso ankakweza nambala ya wodwala akalembedwa kuti ndi wakuda. Impso zake zinkaoneka zamphamvu kuposa mmene zilili, ndipo ena ankachedwa kutumizidwa kwa katswiri kapena kulowa pamndandanda wodikira impso ina. Mu 2021 mabungwe a madokotala a impso kumeneko analangiza kuti mtundu uchotsedwe m'masamuwo. Dokotala amapindula kwambiri akafunsa kumene agogo a wodwala anachokera, matenda amene ali m'banja, kapena akayeza jini imene akuikayikirayo, kusiyana n'kungoyang'ana khungu.

Caucasian ndilo lakanirira. Kalembera wa boma la Amereka saligwiritsa ntchito, koma apolisi, atolankhani ndi madokotala ena amalilembabe, mwina chifukwa limamveka laulemu. Kwa ine ulemu umenewo ndi umene umaliipitsa, chifukwa umapangitsa gulu limodzi kuoneka ngati lili ndi dzina lochokera kwa akatswiri pamene ena amangotchedwa ndi khungu kapena kontinenti. Magazini ambiri a sayansi tsopano amalangiza olemba kuti alisungire anthu a ku Georgia, Armenia, Azerbaijan, Chechnya ndi oyandikana nawo, omwe ndi eni mapiriwo.

M'malaibulale a sukulu zathu mukadali mabuku akale, ambiri olandira ngati mphatso, okhala ndi mapu a dziko opakidwa mitundu itatu kapena isanu ndi zithunzi za nkhope zondandalikidwa pansi pake. Mphunzitsi kapena kholo mukapeza mwana akuloweza mayina amenewa, musamulande bukulo. Tsegulani naye tsamba loyamba muone chaka chimene linasindikizidwa, kenako mumufunse kuti Mmwenye wa ku Limbe, Msomali ndi munthu wa ku Madagascar angawaike bokosi liti, ndipo chifukwa chiyani.